Girelini ndi leputini: chifukwa chake njala imabwera pa ola lake, komanso chifukwa chake imakula munthu akatsitsa thupi

Munthu amene anazolowera kudya nsima ya masana nthawi ya 12 koloko amayamba kumva njala cha m'ma 11:30, ngakhale atakhala kuti wangokhala pampando m'mawa wonse osagwira ntchito yolemetsa. Akatanganidwa n'kuphonya chakudyacho, ikamakwana 2 koloko njala ija imakhala itazilala yokha, m'mimba musanalowe kanthu. Mphamvu m'thupi sizinawonjezeke pa maola awiriwa. Chimene chasintha ndi kuchuluka kwa homoni yotchedwa girelini m'magazi, imene inakwera pa nthawi imene thupi linkayembekezera chakudya, kenako n'kutsika itaona kuti nthawiyo yadutsa.

Anthu ambiri amafotokoza girelini ndi leputini ngati mapasa okokana chingwe, wina wobweretsa njala wina wobweretsa kukhuta. Kafotokozedwe kameneka n'kosavuta kukumbukira, koma kamasocheretsa. Girelini imagwira ntchito pa maola, ndipo nkhani yake ndi ya chakudya chotsatira. Leputini imagwira ntchito pa masiku ndi miyezi, ndipo nkhani yake ndi ya mafuta amene thupi lasunga. Kukhuta kumene mumamva mutatha mitanda iwiri ya nsima sikuchokera kwa leputini n'komwe.

Girelini, belu la chakudya

Girelini inatulukiridwa mu 1999 ku Osaka m'dziko la Japan ndi Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa. Iwo sankafufuza za njala. Ankafuna chinthu chimene chimachititsa thupi kutulutsa homoni yokulitsa, ndipo anadabwa kuchipeza m'chifu, osati mu ubongo. Ndi kapuloteni kakang'ono ka tizidutswa 28 ta maamino asidi, ndipo kambiri kamapangidwa ndi maselo a chigawo chakumtunda cha chifu. Kuti kagwire ntchito, pamafunika kuti pa kachidutswa kachitatu pamatiridwe kamchira ka mafuta. Popanda kamchira aka girelini singatsegule cholandirira chake mu ubongo. N'chifukwa chake oyeza magazi amasiyanitsa girelini yamchira ndi yopanda mchira, ndipo yamchirayo imaphwanyika msanga, theka lake limatha pa mphindi pafupifupi 10.

Mu 2001 gulu la David Cummings ku Seattle linayeza magazi a anthu maulendo 38 pa maola 24. Linapeza kuti girelini imakwera pafupifupi kuwirikiza kawiri chakudya chilichonse chisanafike, n'kugwa pasanathe ola munthu atadya. Chaka chomwecho ku London, anthu athanzi anapatsidwa girelini kudzera mu diripi, kenako anawayalira chakudya kuti adye mmene angafunire. Anadya chochuluka ndi 28 peresenti kuposa tsiku limene anawaika madzi amchere okha. Palibe homoni ina yodziwika yochokera m'mimba imene imawonjezera kudya chotere. Zambiri mwa zinazo zimachepetsa.

Chimene chimakweza girelini si chifu chopanda kanthu chokha. Ubongo umaphunzira nthawi ya chakudya, ndipo umatumiza uthenga kuchifu kudzera m'mitsempha kuti chiyambe kutulutsa. Anthu amene anawasalitsa kudya tsiku lathunthu anaonetsabe mafunde a girelini pa nthawi ya kadzutsa, ya nkhomaliro ndi ya mgonero, ndipo funde lililonse linkatsika lokha patapita maola pafupifupi awiri. Amene amasala kudya pa Ramadani kapena pa mapemphero a kutchalitchi amazidziwa bwino izi: masiku oyamba njala imaluma pa ola la chakudya, koma pakapita masiku angapo thupi limasunthira belu lake ku nthawi yatsopano. Momwemonso munthu amene wayamba kugula mandasi tsiku lililonse 10 koloko sachedwa kuyamba kumva njala ya 10 koloko, imene kale analibe.

Kulira kwa m'mimba ndi nkhani ina pang'ono. Chifu chopanda kanthu chimadzifinya mwamphamvu pakapita mphindi 90 mpaka 120 zilizonse kuti chisese zotsalira, ndipo mwa anthu chimene chimatsogolera kusesaku kwenikweni ndi homoni yachibale cha girelini yotchedwa motilini.

Nanga chimatsitsa girelini n'chiyani? Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kudzaza chifu ndi madzi sikuitsitsa. Madzi amatanula chifu kwa kanthawi ndipo munthu amamva ngati wadya, koma amatuluka msanga, girelini ili pomwe inali. Pa makoswe anayesa kutseka khomo lotulukira m'chifu n'kuthiramo madzi a shuga: girelini sinatsike mpaka atatsegula khomolo kuti shugayo afike m'matumbo aang'ono. Ndiye kuti thupi limadikira umboni woti chakudya chenicheni chafika pomwe chimayamwidwa.

Ndiponso zakudya sizitsitsa girelini mofanana. Tikayerekeza mphamvu zofanana, mapuloteni amaitsitsa kwambiri ndi kwa nthawi yaitali. Shuga ndi sitachi zimaitsitsa msanga, koma pakatha maola atatu kapena kupitirira imadzukanso, nthawi zina kuposa pamene inayambira. Mafuta ndi amene amaitsitsa pang'ono kuposa zonse. Taganizani za kadzutsa wa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi awiri. Mphamvu zilimo zambiri, koma zonse ndi za shuga, ufa woyera ndi mafuta okazingira. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro limodzi ndi dzira lowiritsa lingakhale ndi mphamvu zofanana, koma limamufikitsa munthu masana asanayambe kuyasamula.

Kukhuta kumachokera kuti

Chimene chimamuuza munthu kuti sambani m'manja, mwakhuta, ndi mauthenga angapo ofika motsatizana. Woyamba ndi kutanuka kwa chifu, kumene mtsempha waukulu wotchedwa vegasi umakanena kutsinde la ubongo. Wachiwiri ndi homoni ya CCK, yotuluka kumayambiriro a matumbo aang'ono mafuta ndi mapuloteni akangofikako. Imachedwetsa chifu kukhuthula zimene zili m'kati mwake. Kenako pamabwera mahomoni a GLP-1 ndi PYY kuchokera kumunsi kwa matumbo, ndipo PYY imakhala yokwera kwa maola angapo. Mauthengawa amatenga mphindi zingapo kuti asonkhane, ndiye munthu wodya mothamanga amatha kumaliza mbale yachiwiri uthenga wa mbale yoyamba usanafike. Zakumwa zotsekemera zimazemba njira imeneyi mosavuta. Botolo la mamililita 300 limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 30, makalori opitirira 120, koma limadutsa m'chifu ngati madzi ndipo munthu amadyabe nsima yake yonse.

Leputini sili pa mndandandawu chifukwa sikwera munthu akangodya. Mukayeza magazi nsima isanabwere ndi itatha, mupeza kuti yasintha pang'ono chabe kapena sinasinthe. Imakwera pang'onopang'ono ndipo imafika pamwamba pakati pa usiku. Ntchito yake pa kukhuta ndi yakuseri: ikakhala yokwanira, ubongo umamvera msanga mauthenga a CCK ndi anzake. Ikatsika, mauthenga omwewo amamveka ngati kunong'ona, ndipo mbale yomwe inkakhutitsa kale simakhutitsanso.

Leputini ndi mbewa za ku Maine

Mu 1949, pa Jackson Laboratory ku Maine m'dziko la America, panabadwa mbewa zimene zinkadya osaleka mpaka kulemera kuwirikiza katatu zinzake. Anazitcha ob. Patapita zaka panapezeka mtundu wina wonenepa chimodzimodzi, wokhalanso ndi matenda a shuga, n'kuutcha db. Wofufuza wina wa pamalopo, Douglas Coleman, anasoka mbewa ziwiriziwiri m'mbali kuti magazi awo azisakanikirana. Atalumikiza ob ndi mbewa yabwinobwino, ob ija inachepetsa kudya. Atalumikiza db ndi yabwinobwino, zinatembenuka: yabwinobwinoyo inasiya kudya mpaka kufa ndi njala, db ikungodya. Coleman anaona kuti m'magazi muli chinthu choletsa kudya. Mbewa ya ob sichipanga, pamene ya db imachipanga chambiri koma sichimva.

Chinthucho chinadziwika mu 1994 pamene Jeffrey Friedman ndi anzake pa yunivesite ya Rockefeller ku New York anapeza jini yake. Dzina la leputini linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza kuonda. Imapangidwa ndi maselo a mafuta, ndipo mafuta akachuluka nayonso imachuluka. Kafukufuku wa mu 1996 anapeza kuti anthu a thupi lapakati anali ndi mananogalamu 7.5 pa mililita imodzi ya magazi, pamene onenepa kwambiri anali ndi 31.3. Amayi amakhala nayo yochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa abambo, mwa zina chifukwa mafuta apansi pa khungu amatulutsa yambiri kuposa a m'kati mwa mimba.

Mahomoni onse awiri amakakumana pa kachigawo ka pansi pa ubongo kotchedwa haipothalamasi. Pamenepo pali magulu awiri a maselo oyandikana. Gulu lina, lodziwika ndi zilembo za AgRP, likadzuka munthu amafunafuna chakudya. Gulu linalo, la POMC, likadzuka kudya kumachepa. Girelini imadzutsa loyambalo. Leputini imagoneka loyambalo n'kudzutsa lachiwirilo. Apa pokha ndi pamene tinganene kuti awiriwa amakokanadi chingwe.

Mmene leputini ilili yamphamvu zinaoneka mu 1997 ku Cambridge m'dziko la England, pamene Stephen O'Rahilly, Sadaf Farooqi ndi anzawo anapeza ana awiri apachibale, a banja lochokera ku Pakistan, amene matupi awo sankapanga leputini yogwira ntchito. Mtsikana wa zaka 8 ankalemera makilogalamu 86, mnyamata wa zaka 2 ankalemera 29. Ubongo wawo unkawerenga kuti m'thupi mulibe mafuta ngakhale pang'ono, ndiye ankamva njala ya munthu woti watsala pang'ono kufa nayo. Mtsikanayo atayamba kubayidwa leputini tsiku ndi tsiku, kulimbana ndi chakudya kunatha m'masiku ochepa, ndipo pa chaka chimodzi anatsika ndi makilogalamu 16.

Zitatero anthu anaganiza kuti mankhwala a kunenepa apezeka. Kampani ya Amgen inali italipira kale madola 20 miliyoni kuti ikhale ndi ufulu wopanga leputini. Koma atayesa pa anthu onenepa wamba mu 1999, zotsatira zinali zofooka: ena anatsika ndithu pa mlingo waukulu kwambiri, ena sanasinthe, ndipo jakisoni wake ankatupitsa pobayapo. Chifukwa chake n'chomveka tikakumbukira manambala aja. Anthuwa sankasowa leputini, anali nayo yambiri kale. Masiku ano leputini yopangidwa, yotchedwa metireleputini, inavomerezedwa ku America mu 2014 pa matenda osowa amene munthu amakhala wopanda mafuta apansi pa khungu thupi lonse, osati pa kunenepa wamba.

Chifukwa chake kuchuluka kwake sikuthandiza

Mkhalidwe woti leputini ndi yambiri koma njala sichepa umatchedwa kusamva leputini. Pali zifukwa zingapo zimene zaoneka. Leputini imalowa mu ubongo kudzera pa khomo lokhala ndi malire, ndipo mwa anthu onenepa imene imapezeka m'madzi a mu ubongo imachepa tikayerekeza ndi imene ili m'magazi. M'kati mwa maselo, leputini ikagogoda kosalekeza, selo limapanga puloteni yotchedwa SOCS3 imene imatseka uthengawo. Pa mbewa zodyetsedwa mafuta ambiri, haipothalamasi imaonetsanso kutupa.

Komabe pali kaonedwe kena kamene kamagwirizana bwino ndi zimene zimachitika mwa anthu. Leputini ili ngati mwana wotumidwa kukasuzumira m'nkhokwe. Akabwera n'kunena kuti chimanga chatsika kufika pansi, pakhomo ponse pamasintha: nsima imachepetsedwa, zochitika zodya chimanga zimaimitsidwa, aliyense amatumidwa kukafuna ganyu. Akanena kuti nkhokwe yadzaza mpaka kusefukira, palibe amene amadzidzimuka. Ubongo umachita chimodzimodzi. Umamva kwambiri kutsika kwa leputini kuposa kukwera kwake, ndipo ikadutsa mlingo wina, kuwonjezerapo sikusintha zambiri.

Kutsikako kumabwera msanga kuposa kutha kwa mafuta. Munthu akasala kudya masiku awiri kapena atatu, leputini imagwa kupitirira theka, pamene mafuta amene ataya sakwana n'kilogalamu imodzi yomwe. Izi zimachitika chifukwa maselo a mafuta amamveranso insulini, homoni yotsitsa shuga m'magazi, ndipo insulini ikatsika amachepetsa kutulutsa leputini. Ubongo ukalandira uthengawu umakweza njala, umachepetsa mahomoni a chithokomiro, umachepetsa mphamvu zimene minofu imawotcha, ndiponso umaimitsa za kubereka. N'chifukwa chake atsikana othamanga kwambiri koma osadya mokwanira, ndi amene adzimana chakudya mpaka kuonda zedi, amasiya kusamba. Mu 2004 ku Boston, amayi otere atapatsidwa leputini, ena mwa iwo anayambiranso kutulutsa mazira ngakhale thupi lawo lisanawonjezeke.

Girelini nayo ili ndi nkhope yomwe anthu sayembekezera. Onenepa amakhala nayo yochepa kuposa oonda, ndipo yochuluka kwambiri imapezeka mwa anthu amene aonda ndi njala kapena matenda. Mbewa zochotsedwa jini ya girelini zimadya pafupifupi ngati zinzake. Vuto lawo limaonekera zikamanidwa chakudya kwa masiku angapo: zopanda girelini yamchira shuga wa m'magazi amazigwera moopsa. Choncho mahomoni onse awiriwa ntchito yawo yaikulu ndi kuteteza thupi ku njala, ndipo pa kuteteza thupi ku kunenepa ndi ofooka.

Zimene zimachitika munthu akatsitsa makilogalamu 10

Kafukufuku amene amaonetsa bwino nkhaniyi anachitikira ku Melbourne m'dziko la Australia ndipo anasindikizidwa mu 2011. Anthu 50 onenepa anaikidwa pa chakudya cha makalori 500 mpaka 550 patsiku kwa milungu ingapo, pa ndondomeko ya milungu 10. Amene anamaliza anatsika ndi makilogalamu 13.5 pa avareji. Pa nthawiyo leputini inali itagwa ndi pafupifupi 65 peresenti, girelini itakwera, PYY ndi CCK zitatsika. Zimenezi zinkayembekezeka. Chodabwitsa chinali choti patatha chaka chathunthu, anthuwo atabwezera kale makilogalamu pafupifupi 5.5, leputini inali ikadali yotsika ndi 35 peresenti, girelini ikadali pamwamba, ndipo ankanena kuti akumva njala kuposa asanayambe. Gulu la Cummings linali litapezanso zofanana mu 2002: anthu otsitsa 17 peresenti ya thupi lawo mwa kuchepetsa kudya anali ndi girelini yokwera ndi 24 peresenti tsiku lonse.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza cha bambo wolemera makilogalamu 95 amene adokotala amuuza kuti atsitse thupi chifukwa cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Pa miyezi inayi wafika pa 85. Kuwerengera kumene kunachitika mu 2016 kunasonyeza kuti pa kilogalamu iliyonse imene munthu wataya, chilakolako cha chakudya chimakwera ndi makalori pafupifupi 100 patsiku, pamene mphamvu zimene thupi limawotcha zimatsika ndi makalori 20 mpaka 30. Kwa bamboyu, ndiye kuti thupi likumukankha kuti adye makalori pafupifupi 1,000 kuposa amene ankadya asanatsitse thupi, komanso likuwotcha makalori 200 mpaka 300 ochepera kale. Ufa wa chimanga uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100, choncho makalori 1,000 ndi nsima ya ufa wokwana magalamu pafupifupi 280. Imeneyo ndi nsima ya chakudya china chathunthu cha munthu wamkulu, tsiku lililonse.

Iye sadzaona ngati wasintha chilichonse. Adzangopezeka kuti chipande chikuzama pang'ono, wawonjezera kamtanda kachitatu, madzulo akudutsa pa chiwaya. Sikelo ikaima mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, ambiri amati thupi lasiya kuwotcha mafuta. Kutsika kwa kawotchedwe kulipodi, koma gawo lalikulu ndi chakudya chimene chabwerera mwakachetechete. Ndipo kunena kuti munthuyu alibe khama n'kusamvetsa nkhani. Rudolph Leibel ndi Michael Rosenbaum ku New York anatenga anthu otsitsa 10 peresenti ya thupi n'kuwabaya leputini yochepa, yongobwezera pamene inali asanatsitse. Mahomoni a chithokomiro ndi kawotchedwe ka mphamvu zinabwerera pafupi ndi pakale. Leputini yomwe inalephera kuondetsa anthu inatha kuzimitsa zina mwa zimene thupi limachita pokana kuonda.

Zimene bamboyu angachite sizithetsa kukankhako, zimangokuchepetsa. Chachikulu ndi kuika mapuloteni pa chakudya chilichonse, magalamu 25 mpaka 30 ngati n'kotheka. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, mtedza uli ndi 25 pa magalamu 100 ngakhale uli ndi mafuta ambiri, nyemba zouma zili ndi opitirira 20, ndipo usipa wouma kupitirira theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Masamba ngati mpiru, chisoso, nkhwani ndi kabichi amatanula chifu popanda makalori ambiri, bola mafuta ayezedwe ndi supuni, chifukwa supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori 120 ndipo taona kuti mafuta satsitsa girelini kwenikweni. Nthawi ya chakudya ikhale yokhazikika kuti belu lisamalire paliponse. Ndipo adziyeze pa sikelo kamodzi pa mlungu ngakhale atafika pomwe ankafuna, popeza pa nthawi imeneyi kumva kwa m'mimba si muyeso wodalirika wa chakudya chimene thupi likufunika.

Tulo timalowamonso. Mu 2004 ku Chicago, anyamata 12 anagonetsedwa maola 4 okha kwa masiku awiri, nthawi ina maola 10 kwa masiku awiri. Atagona pang'ono leputini inatsika ndi 18 peresenti, girelini inakwera ndi 28 peresenti, ndipo ankalakalaka kwambiri zotsekemera ndi zasitachi. Kafukufuku wina wotsatira sanapeze kusintha kwa mahomoni kofanana nthawi zonse, koma kuti munthu wosagona amadya zambiri kwaoneka mobwerezabwereza. Alonda, anamwino ndi madalaivala a usiku ali pa mzere umenewu.

Njira zachipatala zimene zimatsitsa thupi kwambiri zimagwira pa mauthenga omwewa. Pa opaleshoni ina amachotsa magawo pafupifupi atatu mwa anayi a chifu, kuphatikizapo chakumtunda chija chopanga girelini, ndipo girelini imatsika m'malo mokwera. Pa ina amalumikiza chifu ndi matumbo akumunsi, GLP-1 ndi PYY n'kumatuluka zambiri chakudya chikangolowa. Jakisoni wa semagulutaidi amatsanzira GLP-1, ndipo munthu akamusiya njala imabwerera limodzi ndi gawo lalikulu la thupi lija. Koma makapisozi ndi tiyi wogulitsidwa ndi lonjezo lokonza leputini alibe maziko. Leputini ndi puloteni, ikamezedwa imagayidwa ngati dzira. Kuyezetsa leputini m'magazi nakonso sikuuza munthu wonenepa chatsopano, chifukwa kudzangosonyeza kuti ndi yokwera, ndipo palibe muyeso wakuchipatala wa kusamva leputini.

Pamene njala kapena kusowa kwake kuli chizindikiro

Kumbali ya kuperewera kwa zakudya, nkhaniyi ili ndi phunziro lofunika. Mwana wonyentchera kwambiri amakhala ndi girelini yokwera ndi leputini yotsikiratu, ndiye tingayembekezere kuti azidya molusa. Ambiri amaterodi. Koma akakhala ndi matenda ena m'thupi, monga chibayo kapena tizilombo m'magazi, zinthu zimene thupi limatulutsa polimbana ndi matendawo zimagonjetsa uthenga wa girelini mu ubongo, ndipo mwana amakana chakudya. N'chifukwa chake kuzipatala zathu amayamba ndi kumuyesa mwana ndi chiponde. Akadya mlingo woyenera kulemera kwake akhoza kuthandizidwa akuchokera kunyumba, akakana amagonekedwa. Kafukufuku wa pachipatala cha Mulago ku Kampala, wosindikizidwa mu 2014, anapeza kuti leputini yotsika kwambiri pofika kuchipatala inali chizindikiro champhamvu cha ana amene anamwalira, chifukwa inkasonyeza kuti mafuta osungidwa atheratu.

Kumbali inayo, mwana amene wanenepa mopitirira muyeso asanakwane zaka 5, wolirira chakudya atangomaliza kudya, ayenera kuonedwa ndi dokotala wa ana m'malo mongomukalipira. Kusowa leputini kobadwa nako n'kosowa kwambiri ndipo kumapezeka kawirikawiri pamene makolo ali pachibale. Matenda a Prader-Willi, obwera chifukwa cha vuto pa koromozomu 15, amayamba mosiyana: khanda limakhala lolobodoka ndi lolephera kuyamwa, kenako pakapita zaka zingapo limayamba njala yosatha, ndipo girelini yake imakhala yokwera kwambiri ngakhale lili lonenepa.

Kwa akuluakulu, njala yatsopano yoopsa nthawi zambiri sichokera kwa mahomoni awiriwa. Ikabwera ndi ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kuonda, yezetsani shuga. Ikabwera ndi kugunda kwa mtima, thukuta, kunjenjemera kwa manja ndi kuonda, yezetsani chithokomiro. Ikayamba patangopita milungu yochepa munthu atayamba mankhwala monga puredinisoloni kapena olanzapini, mankhwalawo ndi amene ayenera kuganiziridwa poyamba, ndipo asasiyidwe mwadzidzidzi: mlingo wake ausinthe ndi amene anawalemba.